Imelo Yoti “Tiyambe Tadikira”

Foni ikakuuzani kuti apu yanu ya banki kapena yotumizira ndalama ili ndi mtundu watsopano, mumangodina batani, n'kudikira pang'ono, basi. Koma mtundu watsopanowo usanafike m'manja mwanu, pamakhala kuti wina muofesi ina wanena kuti “utuluke”. Ndipo nthawi zina, kutatsala masiku awiri kapena atatu kuti mawuwo anenedwe, pamakhala munthu winanso amene wakhala pa kompyuta akulemba imelo yopempha kuti usatuluke kaye. Imelo imeneyi sionedwa ndi makasitomala, koma ndi imodzi mwa zinthu zimene zimateteza ndalama zawo.

Amene amailemba nthawi zambiri ndi woyesa, munthu wolembedwa ntchito yofufuza pamene pulogalamu ikulakwitsa anthu asanayambe kuigwiritsa ntchito. Amene amailandira ndi manijala wa pulogalamuyo. Iyeyu salemba pulogalamu, koma ndi amene amasankha zoti zikhalemo, ndi amene analonjeza mabwana ndi makasitomala tsiku loitulutsa, ndipo tsikulo likaphonyeka, foni imene imalira ndi yake. Woyesa amadziwa chimene chavuta koma alibe mphamvu yosintha tsiku. Manijala mphamvuyo ali nayo, koma pulogalamuyo sanaigwire ndi manja ake usiku wonse monga woyesa. Ntchito ya imelo ndi kutenga zimene woyesa akudziwa n'kuziika m'manja mwa manijala m'njira yoti athe kuziyeza pa sikelo limodzi ndi zina zimene zikumupanikiza.

Zimene zimachitika uthenga wotere ukapanda kufika bwino zinaoneka ku Britain mu Epulo 2018. Banki ya TSB inasamutsa makasitomala ake, oposa 5 miliyoni, kuwachotsa pa makompyuta a banki ya Lloyds n'kuwaika pa pulogalamu yatsopano yopangidwa ndi kampani ya eni ake, banki ya Sabadell ya ku Spain. Ntchitoyo itangotha, anthu ochuluka analephera kulowa m'maakaunti awo, ena anaona maakaunti a anthu ena, ndipo zinthu sizinabwerere mwakale mpaka mu Disembala chaka chomwecho. Mkulu wa bankiyo, Paul Pester, anachoka pa udindo mu Seputembala 2018, ndipo mu Disembala 2022 mabungwe oyang'anira mabanki m'dzikolo analipitsa TSB chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni. Lipoti la kampani ya maloya ya Slaughter and May, limene linatuluka mu Novembala 2019, linapeza kuti chiwerengero cha zolakwika chimene akuluakulu a bankiyo anauzidwa chinali chochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene zinalipo. Zolakwikazo zinalembedwa penapake, koma sizinafike mokwanira kwa amene anali ndi mphamvu yonena kuti “ayi”. Palinso china choyenera kuchiona: ntchitoyi inali itasunthidwa kale kuchoka mu Novembala 2017. Kusuntha tsiku pakokha sikuchiza kanthu ngati palibe amene wanena momveka chimene chiyenera kukonzeka tsiku latsopanolo lisanafike.

Cholakwika chachikulu ndi chiti?

Palibe pulogalamu imene imatuluka yopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Makampani amakhala ndi kaundula wa zolakwika, ambiri amagwiritsa ntchito Jira kapena Bugzilla, ndipo pa tsiku lotulutsa kaundulayo amatha kukhala ndi zinthu makumimakumi zosakonzedwa: chilembo cholakwika apa, batani lopendekeka apo. Manijala aliyense anazolowera zimenezi. N'chifukwa chake kumuuza kuti “pali zolakwika” sikumudzidzimutsa konse.

Pofuna kusiyanitsa, cholakwika chilichonse chimapatsidwa muyezo. Pa sikirini mumaona mawu ngati `Blocker`, `Critical`, `Major`, `Minor` ndi `Trivial`, kuyambira choopsa kwambiri mpaka chongonyansa m'maso. Kampani iliyonse ili ndi matanthauzo ake, koma ambiri amagwirizana kuti cholakwika n'chachikulu ngati chikutayitsa ndalama, chikuwononga kapena kusowetsa zimene anthu asunga, chikuulula zinsinsi, kapena chikulepheretsa ntchito yeniyeni imene pulogalamuyo inapangidwira, ndipo kasitomala alibe njira ina yolambalalira.

Oyesa amasiyanitsanso zinthu ziwiri zimene anthu ambiri amaziphatikiza: kukula kwa vuto ndi kufulumira kolikonza. Ganizani za nyumba imene mawa kukubwera alendo. Penti yosupuka pachitseko ndi vuto laling'ono koma lofunika kulikonza lero, pamene mng'alu wa m'maziko ndi vuto lalikulu ngakhale alendowo sauona. Kukula kwa vuto amayeza ndi woyesa, potengera zimene waona. Kufulumira amasankha ndi manijala, potengera zofuna za bizinesi. Mikangano yambiri m'maofesi imabuka munthu akayamba kuchepetsa kukula kwa vuto chifukwa chakuti alibe nthawi yolikonza. Tsiku lotulutsa likayandikira, mumamva wina akuti, “Kodi ichi sitingachiike pa `Major`?” Cholakwikacho sichinasinthe. Chimene chasintha ndi kalendala.

Tiyerekeze nkhani ina

Tiyerekeze kuti kampani ina ya ku Lilongwe ili ndi apu imene makolo amaonerapo fizi ya ana awo. Mpaka pano kholo limalipira kwina, kenako n'kulemba nambala ya lisiti mu apumo. Mtundu watsopano ukubweretsa chimene masukulu akhala akupempha: kholo lizilipira mwachindunji kuchokera m'chikwama cha ndalama cha pafoni, lisiti n'kubwera pompo. Tsiku lotulutsa ndi Lachisanu likubwerali. Lero ndi Lachitatu. Sukulu zikutsegulidwa Lolemba lachiwiri kuchokera lero, choncho sabata yamawa ndi imene makolo ambiri alipire. Uthenga wa pawailesi unalipiridwa kale.

Lachiwiri masana woyesa wachita chimene oyesa abwino amachita: wasiya intaneti yamphamvu ya muofesi n'kuichepetsa dala mphamvu kuti ifanane ndi netiweki yodukaduka imene kholo la kumudzi limalimbana nayo. Mwa maulendo 40 olipira, 6 ndalama zachotsedwa kawiri.

Chimene chikuchitika n'chosavuta kumva. Kholo likadina batani, foni imatumiza pempho ku seva, kompyuta yaikulu ya kampani. Seva imachotsa ndalama n'kutumiza yankho lakuti zatheka. Netiweki ikaduka panthawi imeneyo, yankholo limasowa panjira. Foni imadikira masekondi 30, n'kuganiza kuti pempho silinafike, ndiye imalitumizanso yokha. Seva, popeza ilibe chozindikirira kuti pempholi ndi lomwe lija, imachotsanso. M'zolemba za seva zimaoneka chonchi:

```
10:42:07  POST /payments  85000  200 OK
10:42:37  POST /payments  85000  200 OK
```

Mizere iwiri, ndalama zofanana, kusiyana masekondi 30, ndipo yonse ikuti zatheka. Kwa seva palibe chalakwika, n'chifukwa chake palibe alamu imene ingalire. Mankhwala ake ndi odziwika bwino pantchitoyi: malipiro alionse amapatsidwa nambala yakeyake foni isanatumize, ndipo seva ikaona nambala imene yaiona kale, sichotsanso koma imangobwereza yankho loyamba. Makampani ena a zamalipiro, monga Stripe, nambalayi amaitcha `Idempotency-Key`. Kukonza kwake sikovuta kwambiri, koma kumakhudza foni ndi seva pamodzi, ndipo kumakhudza pamtima penipeni pa malipiro, pamene munthu sagwirapo mothamanga.

Cholakwika chachiwiri wachipeza madzulo. Lisiti lililonse lili ndi adiresi yake, monga `/receipts/10482`. Woyesa wasintha nambala yomalizayo kuti ikhale `10483`, ndipo patuluka lisiti la kholo lina, lokhala ndi dzina la mwana, sukulu yake, kalasi ndi nambala ya foni. Seva ikufunsa ngati munthu walowa mu apu, koma sikufunsa ngati lisitilo ndi lake.

M'kaundula muli zolakwika zina 31 zosakonzedwa, kuphatikizapo chimodzi chotseketsa apu pa mafoni ena akale kwambiri. Woyesa wanzeru saziika zonsezi mu imelo. Nkhani yake ndi ziwiri zija.

Imelo yake

M'maofesi athu ambiri imelo yotere imalembedwa m'Chingerezi, koma kamangidwe kake n'kofanana m'chilankhulo chilichonse. Asanailembe, woyesa wayamba wapita kwa mtsogoleri wa olemba pulogalamu kukafunsa kuti kukonza kutenga masiku angati, ndipo wamuuza manijala pakamwa kuti kukubwera uthenga wovuta. Kenako walemba chonchi.

Mutu: Pempho losuntha tsiku lotulutsa mtundu 3.0 kuchoka Lachisanu kufika Lachitatu lamawa, chifukwa cha zolakwika ziwiri zazikulu. Yankho likufunika mawa 12 koloko isanakwane.

Mayi Manijala,

Ndikupempha kuti tisatulutse mtundu 3.0 Lachisanu lino, koma Lachitatu sabata yamawa. Pali zolakwika ziwiri zazikulu zimene sizinakonzedwe, ndipo zonse zili m'gawo latsopano la malipiro.

Choyamba, netiweki ikakhala yofooka, kholo limatha kuchotsedwa ndalama kawiri. Ndayesa maulendo 40 pa netiweki yofooka ndipo zachitika maulendo 6. Pa intaneti yamphamvu ndayesa maulendo 200 ndipo sizinachitike. Temu yatha, sabata yotsegulira sukulu isanafike, tinalandira malipiro pafupifupi 12,000. Ngati kholo limodzi mwa khumi lili pa netiweki yofooka, ndiye kuti makolo pafupifupi 180 angachotsedwe kawiri. Pa fizi ya K85,000, zimenezi ndi K15.3 miliyoni zoti tibweze. A kuofesi ya zachuma akuti kubweza kumodzi kumatenga mphindi 20, kutanthauza maola 60 a ntchito. Chiwerengerochi n'chongoyerekeza, chifukwa maulendo 40 ndi ochepa ndipo “mmodzi mwa khumi” ndi ganizo langa. Chingatsike, chingakwerenso.

Chachiwiri, aliyense amene walowa mu apu angathe kuona lisiti la kholo lina pongosintha nambala imodzi. Lisitilo lili ndi dzina la mwana, sukulu ndi nambala ya foni. Izi zikuchitika nthawi zonse.

Pa zonse ziwirizi kholo lilibe njira yodzitetezera. Olemba pulogalamu akuti akufunika mawa ndi Lachisanu kuti akonze. Ife tifunika Lolemba ndi Lachiwiri kuti tiyese zimene akonzazo ndi kubwereza mayeso onse a malipiro.

Njira zimene ndikuziona ndi zitatu. Yoyamba, imene ndikuikonda, ndi kutulutsa Lachitatu, kuyamba ndi makolo 5 mwa 100 alionse, n'kumawonjezera zikamayenda bwino. Titaya masiku asanu, ndipo uthenga wa pawailesi uyenera kusunthidwa. Yachiwiri ndi kutulutsa Lachisanu koma gawo la malipiro ndi malisiti litazimitsidwa, makolo n'kumalipira monga kale mpaka titaliyatsa. Tsiku lisungika, koma chimene tinalonjeza masukulu sichikhalamo. Yachitatu ndi kutulutsa monga zilili, ndipo imeneyi sindingaivomereze.

Tidzati takonzeka ngati malipiro 200 pa netiweki yofooka adutsa popanda kuchotsa kawiri, lisiti la munthu wina likukanidwa, ndipo palibe cholakwika chachikulu chatsopano. Zolakwika zina 31 zimene zili m'kaundula sizikulepheretsa kutulutsa. Ndaika pansipa kanema wa mphindi imodzi woonetsa zonse ziwiri. Ngati mungafune, ndingakuonetseni pafoni yanga mawa m'mawa.

Zikomo.

Chinthu choyamba choti muone ndi pamene pali pempho. Lili m'mutu wa imelo ndi mu chiganizo choyamba. Kwathu kuno tinaleredwa kuti pofika kwa wamkulu munthu umayamba wagwada, kufunsa za moyo, kuzungulira pang'ono, nkhani yeniyeni n'kubwera kumapeto. Mwambowu ndi wabwino pakhonde, ndipo n'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti woyesa ayambe waonana ndi manijala maso ndi maso. Koma imelo imawerengedwa pafoni, munthu akutuluka mumsonkhano kulowa wina, ndipo akangowerenga mizere iwiri yokha ayenera kudziwa kuti akupemphedwa chiyani ndipo ayankhe liti. Ulemu uli mu “Mayi” ndi “ndikupempha”. Sukufunika kubisa nkhani.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene pagona luso lonse, ndi kusandutsa cholakwika kukhala anthu ndi makwacha. Woyesa akanalemba kuti seva sikuzindikira pempho lobwerezedwa, zikanakhala zoona, koma manijala sakanadziwa choyerekeza nacho. Mbali ina ya sikelo yake ili ndi zinthu zimene amazidziwa mtengo wake: ndalama za wailesi, lonjezo kwa aphunzitsi aakulu, nkhope ya bwana wamkulu. Mbali inayo ikangokhala ndi mawu a akatswiri, sikeloyo ipendekera kumene kuli manambala. Koma akamva kuti makolo 180, K15.3 miliyoni, maola 60, tsopano ali ndi zinthu ziwiri zoyezeka. Masamu ake aliyense angawatsatire: gawo limodzi mwa magawo khumi a 12,000 ndi 1,200, ndipo 6 mwa 40 ndi 15 mwa 100, zimene pa anthu 1,200 zikupereka 180.

Onaninso chimene woyesa sanachite. Sanatenge 15 mwa 100 n'kuchulukitsa ndi makolo onse 12,000 kuti atulutse 1,800, nambala yoopsa kwambiri. Zikanakhala zabodza, popeza iye mwini waona kuti pa intaneti yamphamvu vutolo silioneka. Munthu wina mumsonkhano akanangofunsa funso limodzi, nambalayo n'kugwa, ndipo ikanagwa limodzi ndi imelo yonse. Wanenanso poyera kuti gawo lina la masamu ake ndi ganizo chabe. Ena amaopa kuti kuvomera zimenezi kumafooketsa mfundo, koma ine ndikuona kuti kumailimbitsa, chifukwa manijala amadziwa pamene angaponde molimba ndi pamene ayenera kufunsa a zamalonda kuti makolo akumidzi ndi angati kwenikweni.

Ndipo kumbuyo kwa manambalawa kuli munthu amene sitiyenera kumuiwala. Kwa kampani, K85,000 yochotsedwa kawiri ndi mzere woti ukonzedwe m'mabuku. Kwa kholo, ingakhale ndalama ya yunifolomu, makope ndi thiransipoti ya mwana, imene yasowa sabata yomwe ikufunika kwambiri. Kubwezeredwa pakatha masiku khumi sikufafaniza masiku khumiwo.

Cholakwika chachiwiri sichinapatsidwe mtengo m'makwacha, ndipo n'zoyenera. Ndalama zimabwezedwa, koma dzina la mwana ndi sukulu yake zikaonedwa ndi munthu wolakwika, palibe batani lobwezera. Kuwonjezera apo, kuyambira 2024 dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu zosungidwa ndi makampani ndi mabungwe, choncho nkhani yotere simathera muofesi ya olemba pulogalamu. Woyesa si loya ndipo asayerekeze kutanthauzira lamulo mu imelo yake, koma angapemphe kuti amene amaona za malamulo pakampanipo adziwitsidwe.

Za masiku anayi aja, manijala aliyense amafunsa funso limodzi: ngati kukonza kutha Lachisanu, bwanji osatulutsa Lachisanu lomwelo madzulo? Yankho ndi lakuti kukonza nakonso ndi kusintha pulogalamu, ndipo kusintha kulikonse kungathyole china chimene chimayenda bwino. M'nkhani yathuyi ngozi yake ikuoneka ndithu. Kholo la ana awiri a kalasi imodzi limalipira K85,000 kawiri mwadala, motsatizana. Wokonza akalakwitsa n'kuuza seva kuti izikana malipiro alionse ofanana obwera moyandikana, ndiye kuti mwana wachiwiri fizi yake sifika, kholo likuganiza kuti lalipira. Vuto limodzi latha, lina labadwa. Lolemba ndi Lachiwiri ndi masiku ofufuzira zoterezi. Palinso chifukwa china chimene ambiri pantchitoyi amapewera Lachisanu madzulo: zinthu zikavuta Loweruka, oyankha mafoni ndi ochepa ndipo okonza ali kumaliro, kuukwati kapena kumudzi.

Kuyamba ndi anthu 5 mwa 100 si nzeru ya woyesa yekha. Google Play imalola kampani kutulutsa mtundu watsopano kwa gawo lochepa la anthu ndi kuimitsa ikaona vuto, ndipo Apple ili ndi njira yofalitsa pang'onopang'ono kwa masiku 7. Ubwino wake unaoneka pa 19 Julayi 2024, pamene kampani ya CrowdStrike inatumiza fayilo yolakwika kwa makasitomala ake nthawi imodzi, ndipo malinga ndi Microsoft, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anazima, ndege n'kulephera kunyamuka, zipatala n'kusokonekera. Koma njirayi ili ndi malire amene woyesa ayenera kuwadziwa, chifukwa manijala angaigwiritse ntchito ngati pothawira n'kunena kuti, “Ndiye titulutse Lachisanu kwa anthu ochepa.” Kufalitsa pang'onopang'ono kumathandiza kugwira zolakwika zimene simukuzidziwa. Sikuti ndi chilolezo chotumizira anthu ochepa cholakwika chimene mukuchidziwa kale. Komanso kuimitsa kumangoteteza amene sanalandire. Amene alandira kale amakhala nawo mtundu wolakwikawo mpaka mutawatumizira wina. Ndipo vuto la malisiti lili pa seva, kotero munthu mmodzi yekha wokhala ndi mtundu watsopano angathe kuwerenga malisiti onse amene alipo.

Pamene maimelo otere amagwera

Imelo yofala kwambiri mwa zolephera ndi ya mndandanda. Woyesa, pofuna kuonetsa kuti wagwira ntchito, amatsanulira zolakwika zonse 33 m'tebulo. Manijala amaona chilembo cholakwika pa nambala 4, batani lopendekeka pa nambala 9, n'kutseka imeloyo asanafike pa nambala 17 pamene pali ndalama za makolo. Chiganizo chija chakuti zolakwika zina 31 sizikulepheretsa kutulutsa chili ndi ntchito yaikulu: chikuuza manijala kuti wolembayu wasefa, ndipo si munthu wofuna pulogalamu yangwiro imene kulibe.

Ina ndi ya mantha opanda umboni, yongoti “sindikukhutira nawo mtundu umenewu”. Mwina woyesayo akulondola, pakuti munthu wozolowera amanunkhiza vuto asanaligwire, koma manijala sangapite kwa bwana wake ndi kusakhutira kwa munthu wina. Umboni wokwanira ndi njira yoti wina aliyense atsatire n'kuona vutolo ndi maso ake: foni iti, mtundu uti, dinani apa, kenako apa. Ngati cholakwika chaoneka kamodzi kokha ndipo chikukana kubwereranso, nenani choncho, musachikometse.

Palinso imelo yoloza chala, imene imatchula wolemba pulogalamu amene analakwitsa, kapena kukumbutsa kuti “ndinanena kale mwezi watha”. Ikangotero, nkhani imachoka pa makolo n'kupita pa ulemu wa anthu, ndipo aliyense amayamba kudziteteza. Chimodzimodzi kuika bwana wamkulu pa mndandanda wa olandira manijala asanapatsidwe mpata woyankha. Olandira akhale amene akufunikadi: manijala, mtsogoleri wa olemba pulogalamu, ndipo pankhani ya ndalama, mwina wa zachuma.

Nthawi nayo ndi mbali ya uthenga. Imelo yomweyi ikatumizidwa Lachinayi usiku, njira yachiwiri imakhala itafa kale ndipo wailesi singasinthidwe. Cholakwika chachikulu chikatsimikizika, chinenedwe tsiku lomwelo, ngakhale masamu a makwacha atsatire pambuyo.

Tisabise kuti oyesa nawonso amalakwa. Alipo amene chilichonse amachiika pa `Critical`, ndipo pakapita miyezi, mawuwo amatha mphamvu. Kuchedwa kulinso ndi mtengo weniweni. Mwina mtundu watsopano ukukonza vuto limene likuzunza anthu panopa, kapena pali mgwirizano wokhala ndi chilango kampani ikaphonya tsiku, zinthu zimene woyesa sangazione ali pa desiki yake. N'chifukwa chake makampani okhwima amagwirizana ntchito isanayambe, mitima ili m'malo, kuti pulogalamu sidzatuluka ngati pali cholakwika chachikulu chosakonzedwa, ndipo amalemba tanthauzo la “chachikulu”. Pakakhala pangano lotere, imelo sikhalanso maganizo a munthu mmodzi, imangokumbutsa onse zimene anavomereza okha.

Nanga manijala akawerenga zonse n'kunena kuti titulutsabe? Udindo wosankha ndi wake, ndipo woyesa sayenera kuzembetsa ntchito kapena kunyanyala. Koma sayeneranso kusaina kuti mayeso adutsa pamene sanadutse, kapena kulola kuti muyezo wa cholakwika utsitsidwe m'kaundula pofuna kuti lipoti lioneke loyera. Chimene angapemphe ndi chakuti chisankhocho chilembedwe, ndi dzina la amene wavomera ngoziyo, kenako athandize kuchepetsa kupweteka: wina azifufuza ola lililonse malipiro ofanana ochokera kwa kholo limodzi mkati mwa mphindi imodzi, oyankha mafoni auzidwiretu chonena, ndipo pakhale munthu wodziwika amene ali ndi mphamvu yozimitsa gawo la malipiro ngakhale pakati pa usiku. Koma pa nkhani ya malisiti a ana, ine ndikuti woyesa asalekere pamenepo. Amuuze manijala mwaulemu kuti akuitengera kwa mkulu wa zachitetezo kapena kwa bwana wa onse awiri, ndipo aitengeredi, chifukwa amene angavulale ndi anthu amene sanafunsidwe ngati akuvomera ngoziyo.

Manijala akavomera kusuntha tsiku, woyesa amakhala ndi ngongole ya imelo yachiwiri, ya Lachiwiri madzulo. Iyi ndi yaifupi, ndipo imayankha zinthu zitatu zokha zimene analonjeza: malipiro 200 pa netiweki yofooka adutsa kapena ayi, lisiti la munthu wina likukanidwa kapena ayi, ndipo kholo la ana awiri likutha kulipira kawiri mwadala popanda chatsopano chothyoka. Zonse zikakhala bwino, alembe momveka kuti kumbali yake palibe chotsekereza kutulutsa mawa. Koma mwa 200 aja akapezeka ngakhale amodzi ochotsedwa kawiri, ndiye kuti chinachake m'njira ya malipiro sichinatsekeke, ndipo njira yachiwiri ija, yotulutsa gawo la malipiro lili lozimitsa, ndi imene imabwera patebulo Lachitatu m'mawa.